Chitini cha Mafunso

Achemwali anga ali ndi dzanja lokongola polemba. Kope lawo la masamu ukafuna kulitsegula umaganiza zoyamba wasamba m'manja: mitu ya inki yofiira, mafomula otsekeredwa m'timabokosi, mizere yowongoka bwino ndi lula. Makope oterewa anali mulu ndithu pa tebulo lawo, koma mayeso a masamu anali atawalephera kawiri.

Amagwira ntchito m'wodi ya amayi pachipatala chachikulu. Amakolopa, amasintha zofunda, amakankha odwala panjinga kupita nawo kojambula. Zaka zonsezi akhala akuonerera anamwino akubaya jakisoni, iwo atagwira beseni. Maphunziro onse amene sukulu ya unamwino inkafuna anali nawo, kupatula masamu, ndipo masamuwo sankafuna ongopulumukira ayi, ankafuna okhoza bwino. Sukuluyo ilinso ndi malire pa zaka zakubadwa. Akanalepheranso ulendo umenewu, chaka chotsatira akanakhala atapyola.

Loweruka lina m'mawa ndinawapeza pa tebulo, kope lili chitsegulire, akutsatira mzere ndi chala uku akugwedeza mutu ngati munthu amene akumva ulaliki womufika pamtima.

“Zikuyenda, achemwali?”

“Ulendo uno zikulowa, mng'ono wanga. Chilichonse ndikawerenga ndikuchimva.”

“Tatsekani kopelo.”

Anandiyang'ana mokayika, koma anatseka. Ndinawalembera funso kuseri kwa envulopu. Chipinda cha makona anayi: kuzungulira makoma ake onse ndi mamita 28, pansi pake ndi masikweya mita 48. Pezani m'litali ndi m'lifupi.

Anawerenga. Anasongola pensulo. Anawerenganso.

“Limeneli ndi la mutu uti?”

“Pamayeso salemba mutu.”

“Ndikudziwa, koma iwe ungondiuza.”

Sindinawauze. Anajambula chipindacho, ndi lula ndithu, nalemba 28 pambali, 48 pakati, ndipo pensulo inaima pomwepo. Patapita nthawi ndinawafunsa kuti ngati makoma anayi ndi 28, khoma lalitali limodzi ndi lalifupi limodzi ndi zingati. Anati 14. Ndinati limodzi alitche x. Analemba x, linalo 14 kuchotsa x, nachulukitsa ziwirizo kuti zipereke 48, ndipo mwadzidzidzi anamenya tebulo.

“Aaa! Kwadiratiki! Ukanangonena!”

Sipanathe mphindi, yankho linali pa envulopu: 6 ndi 8. Njira ankaidziwa ngati njira ya kubafa. Chimene sankadziwa ndi kuizindikira ikabwera yopanda chikwangwani. Kwa zaka ziwiri ankawerenga masamu osovedwa kale ndi anthu ena, ndipo akati ayese okha, ankayesa mafunso a kumapeto kwa mutu umene angowerenga kumene, pamene ngakhale munthu wosinza amadziwa fomula yoti agwiritse ntchito.

Chitseko chapakati chinatseguka, alamu anga nasuzumira. Alamu ndi ometa, ndipo shopu yawo ndi chipinda chakutsogolo cha nyumba yomweyo, kotero m'nyumbamo tsiku lonse mumamveka kulira kwa makina ndi mikangano ya mpira. Iwo anayamba kutchula akazi awo kuti Nesi asanalembe n'komwe mayeso oyamba. Ine amanditchula a Gauni chivalireni gauni pomaliza sukulu yanga.

“A Gauni, mwabwera kudzandizunzira Nesi wanga?”

“Ndabwera kudzabwereka sizasi, alamu.”

“Yometera ayi. Imeneyo ndiye digiri yanga.”

Anandipatsa yakukhitchini. Tsiku limenelo tinatha masana onse tikudula. Mapepala a mayeso akale, mafunso a m'buku amene ndinakopera, onse tinawadula limodzilimodzi, mitu yake n'kutaya. Funso lililonse ndinalipatsa nambala, mayankho n'kulemba papepala lina. Timapepalato tinatipinda n'kutiponya m'chitini chachikulu chimene kale munali mkaka waufa. Mapepala awiri a zaka zaposachedwa ndinawasiya osadula, kuti tidzayesere mayeso enieni nthawi ikadzayandikira.

Achemwali ankalowa ntchito masana, ndiye m'mawa uliwonse unali wa chitini. Dongosolo lake silinali lalitali. Kutola funso, kulisova kope lili chitsekere, kulemba sitepe iliyonse chifukwa ochonga amapereka malikisi pa njira ngakhale yankho litaphonyeka. Zikakanika, kulimbana nalo kaye kotala la ola. Zikakanikabe, kutsegula kope, kuona pokhapo pamene pasowa, kutsekanso, n'kuyambiranso funsolo pachiyambi. Funso lolakwa linkalowa m'kapu yosweka chogwirira. Loweruka ine ndinkabwera kudzaona za m'kapumo, tikaunikira limodzi pamene panalakwika, kenako n'kuzibwezera m'chitini kuti zidzawapezenso ataiwala.

“Nanga makope anga?” anafunsa achemwali.

“Pamwamba pa kabati.”

Anawakweza okha, atakwera pampando, nawafunditsa kansalu kuti asachite fumbi. Alamu anavula chipewa.

“Anali makope abwino,” anatero. “Sanalakwire munthu.”

Sabata yoyamba inavumbula vuto limodzi. Achemwali akapisa dzanja m'chitini ankasuzumira kapepalako pang'ono, kakapanda kuwasangalatsa n'kukagwetseramonso mwakachetechete. Anaulula okha, akuseka. Tinagwirizana kuti otola akhale alamu: m'mawa asanatsegule shopu azitola timapepala ta tsikulo, azisunga pepala la mayankho m'drowa ya zipeso, ndipo achemwali akamaliza aziwawerengera mayankho.

“Ine ndimameta mitu kunja kokha,” anatero alamu, “za m'kati sindizidziwa. Koma kutola ndingathe.”

Masabata oyamba anali owawa. Kapu inkadzaza mpaka timapepala kugwera pansi. Achemwali ankadandaula kuti kale akamawerenga ankadzimva anzeru, pano akudzimva mbuli tsiku lililonse tiyi asanazizire. Ndinawauza kuti umbuli umenewo unalipo kale, kungoti unkadikira m'chipinda cha mayeso. Sanandiyankhule mpaka nthawi yotsanzikana.

Kenako kapu inayamba kuphwa. Mafunso a maperesenti, a ma x awiri osadziwika, a liwiro ndi mtunda, ankawazindikira akangowerenga mzere woyamba. Anayamba kuyimba posamba. Ine Loweruka lililonse ndinkathira mafunso atsopano pamwamba m'chitinimo, n'kuona kuti m'kapu mulibe ngakhale funso limodzi la jometire, ndipo ndinkayamikira mumtima kuti zojambulajambula zija azigonjetsa.

Atatsala masabata ochepa kuti alembe, ndinabweretsa limodzi la mapepala osadula aja. Tinachotsa zonse pa tebulo, ndinaika wotchi patsogolo pawo, alamu anatsitsa wailesi m'shopu. Tsamba loyamba achemwali anadutsa ngati akutsetsereka. Lachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa funso la seko, chozungulira chija chokhala ndi mizere m'kati mwake, pensulo inaima. Analidumpha, monga ndinawaphunzitsira. Anapeza la makona atatu, analidumpha. Anapeza la girafu, lojambula mzere papepala la timabokosi, analiyamba n'kulisiya.

Nditachonga, malikisi anali ofika pongopulumukira basi. Pafupifupi onse otayika anali a mafunso okhala ndi zithunzi.

Achemwali anabwereza kuyang'ana pepalalo.

“Zodabwitsa,” anatero. “Zamaseko ine ndinazionako liti? Ndi kale. Ndimaganiza kuti unaziika zochepa.”

“Ndinaika zambiri.”

Ananyamuka, natenga chitini, nachikhuthulira pa tebulo. Pamwamba pa muluwo panagwa timapepala ta pansi penipeni, ndipo tonse tinali tofanana: tatikulu, tonenepa, topindidwa kanayi. Funso la mawu okha limakwana pa kapepala kopyapyala ngati chala. Funso lokhala ndi chithunzi limafuna malo. Anatsegula kamodzi: seko. Kena: makona atatu. Kena: seko.

“Bambo a m'nyumba muno,” anaitana. “Tabwerani.”

Masiku onse amawaitana kuti Bwana. Alamu analowa makina ali m'manja, kumbuyo kwawo munthu atakhala pampando mutu utametedwa mbali imodzi.

“Izi n'chiyani?”

“Mapepala.”

“Onse aakuluakulu bwanji?”

Alamu anayang'ana muluwo, anayang'ana ine, anayang'ana kudenga.

“Mwina aakulu amalemera. Amamira.”

“Bambo.”

Anazimitsa makina aja, amene nthawi yonseyi ankangolira m'manja mwawo.

“Tsiku lija munalira,” anatero motsitsa mawu. “Munapita kuntchito maso ali psuu, tiyi osamwa, buledi osakhudza. Ndinayang'ana kapepala kamene kanakulizaniko. Kanali kakakulu. Mawa lake ndikupisa dzanja, ndinakhudza kena kakakulu, ndiye ndinati lero lokha apume. Basi zala zinangozolowera.”

“Miyezi yonseyi?”

“Mumayimba kubafa, Nesi. Ndikanatani?”

Achemwali anawayang'anitsitsa. Ndinaona kuti akufuna kukalipa koma akusowa pogwira.

“Ndiye pamayeso mukalowa nane? Mukakhala pambali muzikandisankhira?”

“Akandilola ndikhoza.”

“Bwana!” anakuwa munthu wa m'shopu uja. “Ndizipita chonchi kapena?”

Alamu anabwerera, akuyenda ngati apalamula kusukulu. Ife tinatsala ndi mulu wathu. Achemwali anafunsa ngati n'zotheka kungozisiya zazithunzizo, n'kulimbikira zimene akuzidziwa. Ndinawaonetsa pepala limene tinachonga lija. Ngakhale atakhoza mafunso ena onse osaphonya ndi limodzi lomwe, zimene sizichitika m'chipinda cha mayeso, akanangofika m'mphepete mwa malikisi amene sukulu ikufuna. Sankafunika kukhoza zithunzi zonse. Ankafunika kutolapo theka.

“Malamulo a seko mukuwakumbukira?”

Anawalakatula onse, osapuma, ngati pemphero. Anali m'kope lachiwiri, tsamba lakumanja, m'kabokosi kobiriwira.

“Ndiye kuwerenga kwatha. Kwatsala kusova. Pa kakang'ono kamodzi, tatikulu tiwiri. Tating'onoto musatisiye, mungaiwale zimene mwapeza kale.”

“Otola ndani? Ine ndine wakuba, awo ndi achifundo.”

Anaganiza pang'ono, kenako ananyamula chitini kulowa nacho m'shopu. Pabenchi la odikira pamakhala mdala wina wopuma pantchito, amene amabwera m'mawa uliwonse kudzawerenga nyuzipepala ya alamu ndi kudzatsutsa aliyense. Mutu wake ulibe tsitsi ndi limodzi lomwe, ndipo anthu onse amamutchula a Dazi. Achemwali anaika chitini pamiyendo pawo.

“Bambo, inu mulibe chisoni ndi munthu. Kuyambira mawa muzinditolera ndinu.”

A Dazi anapinda nyuzipepala mosangalala. “Mwana wanga, wafika pakhomo loyenera.”

Loweruka lotsatira ndinawapeza achemwali atasamukira m'shopu momwemo, ali kumapeto kwa benchi, thabwa pamiyendo, tsitsi la anthu lili mbwee kumapazi. Anati mkati muja amasungulumwa kwambiri, ndipo kabati ya makope imawayang'ana. A Dazi anapisa dzanja, anafufuza mosafulumira ngati akusankha chipatso pamsika, natulutsa kapepala konenepa kuposa tonse.

Panali seko, pakatikati pake O. M'mphepete munali A, B ndi C. Mzere umodzi unachoka pa O kufika pa A, wina pa A kufika pa B, ndipo ngodya ya pakati pa mizere iwiriyo inali madigiri 35. C anali kutsidya, mbali yaikulu ya seko, atalumikizidwa ku A ndi ku B. Funso linali lopeza ngodya ya pa C.

Achemwali anakopera chithunzicho. Analemba 35. Anayang'ana.

Alamu ankameta mnyamata wina wa taxi, koma maso awo anali pagalasi, pakona pamene pamaoneka benchi. Makina ankayenda pamalo amodzimodzi.

“Lamulo likuti ngodya ya pakatikati ndi kawiri ya m'mphepete,” achemwali anadziyankhulira. “Koma pakatikatipo palibe ngodya. Pali mzere umodzi wokha.”

Ine ndinali nditakhalira manja anga. Yankho linkandiyabwa pakhosi.

“Nesi,” anatero alamu, “mumwe kaye tiyi?”

“Ayi.”

“A Gauni, kungowanong'oneza kachiyambi kokha si tchimo.”

“Meta mutu, iwe,” anatero a Dazi. “Wawononga kale zambiri.”

“Inu mumameta kuno, a Dazi, kuti muzilamula?”

“Ndikanakhala ndi tsitsi sindikanabwera kwa iwe.”

Achemwali sanaseke. Mphuno inali itayamba kufiira. Dontho la msozi linagwera pa C, analipukuta ndi chala, pensulo n'kufalikira. Alamu anazimitsa makina, anaponya phazi limodzi kulowera kubenchi. Achemwali anakweza dzanja osadzutsa mutu, monga amachitira wapolisi wapamsewu. Alamu anaima. Anabwerera kwa wa taxi uja, nayamba kumupesa tsitsi limene anali atalimeta kale.

“Bwana, khutu limenelo ndimamvera,” anatero wa taxi.

Wotchi ya pakhoma inkayandikira kotala lija. Achemwali anatembenuza pepala chammbali, analitembenuzanso. Kenako, popanda lula, anajambula mzere wokhota pang'ono kuchoka pa O kufika pa B. Unali mzere woyamba wonyansa umene ndinawaonapo akujambula.

Anauyang'ana kanthawi.

“Iwe,” anatero, osati kwa ine, kwa pepalalo. “OA ndi OB n'zofanana, zonse zikuchoka pakati kufika m'mphepete. Ndiye kuno 35, ukonso 35.” Pensulo inathamanga. “Pamodzi 70. Kuchotsa pa 180, pakatikati 110. Theka lake…” Anadzutsa mutu. “55?”

Alamu anali atatsegula kale drowa ya zipeso. Anayendetsa chala papepala la mayankho, anaphonya mzere, anayambiranso.

“55!” anakuwa, ngati timu yawo yagoletsa. Wa taxi anaomba m'manja pansi pa nsalu yometera, ngakhale sankadziwa nkhani yake.

“Amaloleza kujambulamo mzere wako?” anandifunsa achemwali, akupukuta mphuno.

“Amaloleza. Nthawi zambiri ndi umene akufuna.”

“M'kope mwanga mizere yonse inalimo kale. Sindinadziwe kuti wina anachita kuiganiza.” Anatambasula dzanja kwa a Dazi. “Lina.”

Sikuti kuchokera pamenepo zonse zinayenda. Kapu inadzazanso, ndipo mafunso ena a seko anabwerera m'chitini katatu asanagonje. Ena sanagonje n'komwe. Pepala lachiwiri losadula lija analilemba kutatsala masiku ochepa, ndipo malikisi anapitirira malire aja pang'ono chabe, moti kuyetsemula kumodzi kukanawabweza. Tsiku lomaliza anandipempha kuti atsitse makope awo awerengeko pang'ono, kuti mtima ukhale pansi. Ndinawalola. Anawerenga, anagwedeza mutu monga kale, kenako anatseka n'kupempha tifunso tiwiri tosavuta kuti dzanja lisaume.

Atatuluka m'mayeso sananene zambiri. Funso lina la seko analimaliza. Lina linawakanika, koma analemba masitepe amene anatha, n'kupita patsogolo. La girafu nthawi inawathera ali pakati. Alamu anafunsa ngati analira. Anati pang'ono, koma akulemba.

Zotsatira zinatuluka iwo ali kuntchito, ndipo m'wodi salola mafoni. Nambala yawo ya mayeso anasiyira ine. Nditaona zotsatirazo pa foni, ndinapita kushopu, ndipo alamu anatseka masana dzuwa likuswa mtengo, a Dazi ali pakati pa nyuzipepala. Tinakwera basi. Alamu anaiwala kuvula epuloni yawo.

Tinawapeza m'khonde lalitali lopita kuwodi, akukolopa chobwerera m'mbuyo, kachikwangwani kochenjeza za poterera kali pakati. Atationa anaima, anayang'ana nkhope ya alamu, koma pankhopepo panali misozi yokhayokha, yosadziwika mbali yake.

“Bwana, yankhulani.”

Alamu anapukuta maso ndi epuloni. Ine ndinangowapatsa foni achemwali. Anapukuta dzanja pa yunifolomu, anaigwira patali pang'ono ndi maso, nawerenga. Giredi yake inali yeniyeni imene sukulu inkafuna, osapitirira ndi pang'ono pomwe.

“Yakwana?”

“Yakwana, achemwali.”

Anandibwezera foni. Anakonza kolala ya alamu, nawachotsa katsitsi ka munthu wina paphewa. Namwino wamkulu anatulukira pakhomo la wodi, akufunsa ngati khonde latha chifukwa madokotala atsala pang'ono kudutsa.

“Likutha, Sisitala,” anayankha achemwali. Kenako kwa ife: “Chokanipo, mwaponda ponyowa.”

Tinasuntha n'kuima kukhoma. Anaviika chokolopera m'ndowa, anaiwala kufinya, nakolopa malo amene anali atakolopa kale. Makona onse awiri a kumapeto kwa khonde anawasiya ouma, ndipo Sisitala, amene anaona, anangobwerera m'wodi.